Manthongo m'maso mwa khanda: oopsa ndi ati, osaopsa ndi ati?

Makanda ambiri amadzuka m'mawa zikope zitamatana ndi manthongo, makamaka m'masabata oyamba a moyo wawo. Kwa ana ochuluka vutoli ndi laling'ono ndipo limatha lokha. Koma kwa ana ena manthongowo amakhala chizindikiro cha matenda omwe angathe kuboola diso ndi kuchititsa mwana khungu m'masiku owerengeka chabe. Chosautsa n'chakuti poyamba zonsezi zimaoneka ngati zofanana, moti kholo likhoza kuzengereza pomwe liyenera kuthamanga, kapena kuvutika mtima pa chinthu chongofuna kudekha.

Achipatala amasiyanitsa mitundu ya manthongo poona zinthu zitatu: tsiku lomwe ayamba kuchokera pomwe mwana anabadwa, maonekedwe a zikope, ndi mtundu wa mbali yoyera ya diso. Zinthu zitatuzi kholo lililonse lingathe kuziona lokha pakhomo, popanda chida chilichonse.

Momwe misozi imayendera

Misozi imapangidwa ndi kachiwalo komwe kali pansi pa chikope cham'mwamba, chakumbali yoyang'ana kukhutu. Nthawi iliyonse yomwe munthu waphethira, misoziyo imafalikira padiso lonse, kulinyowetsa ndi kulitsuka. Ikamaliza ntchito yake imasonkhana pangodya ya diso yoyandikana ndi mphuno, pomwe pali timabowo tiwiri tating'ono kwambiri, kena pachikope cham'mwamba, kena pacham'munsi. Kuchokera pamenepo imalowa m'kathumba komwe kali pambali pa fupa la mphuno, kenako n'kutsika kudzera m'kanjira kopapatiza komwe kamakathera mkati mwa mphuno. N'chifukwa chake munthu akamalira amatulukanso mamina.

Diso la khanda lili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, m'masabata oyamba limapanga misozi yochepa, choncho silidzitsuka mokwanira ngati la munthu wamkulu, ndipo chitetezo chake ku tizilombo chimakhala chisanakhwime. Chachiwiri, kanjira kotsikira kumphuno kaja nthawi zina kamakhala kasanatseguke bwino kumapeto kwake. Chofooka choyambacho ndicho chimapereka mpata ku matenda, pomwe chachiwiricho chimabweretsa manthongo osaopsa aja.

Tsiku loyamba: kuwawa kwa mankhwala

Mwana yemwe maso ake afiira pang'ono ndi kutuluka timadzi m'maola 24 oyamba, kawirikawiri amakhala kuti akumva kuwawa kwa mankhwala omwe azamba anamupaka atangobadwa. Zikope sizitupa kwambiri, mafinya saoneka, ndipo zonse zimatha zokha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Ngati m'malo mochepa kufiirako kukuwonjezeka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndiye kuti chifukwa chake si mankhwalanso ayi.

Tsiku lachiwiri mpaka lachisanu: chinzonono

Matenda oopsa kwambiri a maso a khanda amachokera ku tizilombo toyambitsa chinzonono. Mwana amatitenga pobadwa, pamene nkhope yake ikudutsa m'njira ya amayi omwe ali ndi matendawa. Amayi ambiri omwe ali ndi chinzonono sadziwa kuti ali nacho, popeza mwa akazi nthendayi imatha kukhala nthawi yaitali osaonetsa chizindikiro chilichonse. Ngati mwana wobadwa kwa mayi wotero sanapakidwe mankhwala oteteza, mwayi woti adwale maso umakhala pakati pa 30 ndi 50 pa 100 alionse.

Zizindikiro zimayamba pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu, ndipo kawirikawiri zimagwira maso onse awiri. Zikope zimatupa ndi kulimba mpaka mwana kulephera kutsegula maso. Mafinya amakhala ambiri, olimba, achikasu kapena obiriwira, ndipo akangopukutidwa amabwereranso m'kamphindi kochepa. Munthu akayesa kutsegula chikope, mafinyawo amatha kuthovoka ngati atsekeredwa m'thumba.

Kuopsa kwa tizilombo ta chinzonono kuli poti timatha kulowa m'kagalasi ka diso ngakhale pasakhale bala. Kagalasi kameneka ndi kachikopa koonekera komwe kamaphimba mbali yakuda ya diso, ndipo kuwala konse kumalowera pamenepo. Tizilomboti timakumba chilonda pakagalasipo, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri chilondacho chikhoza kuboola diso. Ngakhale litapanda kuboola, chilonda chikapola chimasiya chipsera choyera chomwe chimatchinga kuwala moyo wonse. Tizilomboti tingathenso kulowa m'magazi n'kukagwira mfundo za mafupa kapena kuyambitsa matenda oumitsa khosi.

Tsiku lachisanu mpaka la 14: kilamidiya

Mtundu wachiwiri umachokera ku tizilombo ta kilamidiya, nthenda ina yopatsirana pogonana yomwenso imabisala mwa amayi ambiri. Iyi imachedwa kuonekera. Imayamba pakati pa tsiku lachisanu ndi la 14, mwana atatuluka kale m'chipatala, nthawi zina atatulutsidwa kale m'chikuta. Imatha kuyamba ndi diso limodzi kenako n'kugwira linzake. Manthongo amayamba ngati madzi, pambuyo pake amasanduka mafinya, ndipo mkati mwa chikope mumafiira kwambiri, mwina kutuluka timagazi pakupukuta.

Kilamidiya siononga diso mwamsanga ngati chinzonono, koma ili ndi msampha wake. Tizilomboti sitikhala m'maso mokha, timakhalanso m'mphuno ndi kukhosi kwa mwana, ndipo tikhoza kutsikira m'mapapo n'kuyambitsa chibayo mwana akafika mwezi umodzi mpaka itatu. Chibayo chimenechi chimadziwika ndi chifuwa chodukizadukiza ndi kupuma mofulumira, nthawi zambiri thupi lisakutentha. Pa chifukwa ichi mankhwala opaka m'maso okha sakwanira. Mwana amafunika mankhwala akumwa omwe amafika m'thupi monse.

Palinso tizilombo tina ta pakhungu ndi ta m'mphuno tomwe timafika m'maso mwa khanda kudzera m'manja osasamba kapena pansalu yomwe yapukutira anthu ambiri. Iti timayambitsa matenda ocheperapo mphamvu. Komabe poona ndi maso okha, ngakhale dokotala sangatsimikize kuti mafinya awa ndi a tizilombo titi. N'chifukwa chake malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse amati kumene kulibe zipangizo zoyezera, khanda lililonse lomwe maso ake afiira, atupa ndipo akutuluka mafinya lilandire mankhwala a chinzonono ndi a kilamidiya nthawi imodzi.

Chitetezo cha m'chipinda chochilira

Mchitidwe wopaka mankhwala m'maso mwa mwana wongobadwa kumene unayamba ndi dokotala wa azimayi wa ku Germany, Carl Credé, yemwe ankagwira ntchito mumzinda wa Leipzig. M'chaka cha 1881 iye analengeza kuti kudontheza dontho limodzi la mankhwala a siliva naitireti m'diso lililonse la khanda kunachepetsa matendawa m'chipatala chake kuchoka pa ana pafupifupi 10 pa 100 alionse kufika pa osakwana mmodzi. Nthawi imeneyo chinzonono cha m'maso chinali chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zomwe ana a ku Ulaya ankakhalira akhungu.

Siliva naitireti amawawa m'maso, choncho mayiko ambiri anamusiya. M'zipatala za ku Malawi amagwiritsa ntchito mafuta a tetrasaikilini a mphamvu ya 1 pa 100, omwe amabwera m'kachubu kakang'ono. Mayiko ena amagwiritsa ntchito eritiromaisini, enanso madzi a povidoni ayodini a mphamvu ya 2.5 pa 100. Mankhwala omalizawa anayesedwa pa makanda oposa 3,000 ku Kenya, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 1995 zinasonyeza kuti amateteza bwino pa mtengo wotsika.

Kapakidwe kake n'kosavuta koma kali ndi malamulo. Mzamba amasamba m'manja, n'kupukuta diso lililonse ndi thonje lakelake kuchokera kumphuno kupita kukhutu. Kenako amakokera pansi chikope cham'munsi n'kufinyira kamzere ka mafutawo mkati mwake, osalola kuti mlomo wa chubu ukhudze diso. Izi zimachitika kamodzi kokha, m'maso onse awiri, pasanathe ola limodzi mwana atabadwa, ndipo mafutawo sachotsedwa kapena kutsukidwa. Mwana wobadwa kudzera mu opaleshoni nayenso amapakidwa. Mwana yemwe wabadwira kunyumba kapena panjira ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwalawa akachedwa tizilombo timakhala titalowa kale.

Chitetezo chimenechi chili ndi malire ake. Chimachepetsa kwambiri chinzonono cha m'maso koma sichichithetseratu, makamaka popeza tizilombo tambiri ta chinzonono masiku ano sitimvanso tetrasaikilini. Pa kilamidiya mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Choncho kholo lisaganize kuti poti mwana anapakidwa mankhwala ndiye kuti mafinya omwe aoneka pa tsiku lachinayi ndi opanda vuto. Chitetezo chenicheni chimayambira kusikelo ya amayi oyembekezera. Kumeneko amayi amayezedwa magazi pofufuza kachilombo koyambitsa edzi ndi chindoko, koma m'zipatala zambiri chinzonono ndi kilamidiya zimadziwika pokhapokha mayi atanena yekha zomwe akumva. Mayi woyembekezera yemwe akuona chikazi chachilendo, akumva kuwawa pokodza, kapena mwamuna wake akutuluka mafinya kumaliseche, ayenera kuuza anamwino kuti onse awiri alandire mankhwala mwana asanabadwe.

Pali ngozi ina yofunika kuidziwa. Zipatala zambiri za mu Africa zimapereka mankhwala a kilohekisidini opaka pamchombo wa khanda, ndipo nthawi zina amabwera m'kabotolo kapena m'kachubu kofanana ndi ka mankhwala a m'maso. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse linachenjeza kuti ana ena m'mayiko angapo a mu Africa anavulala maso, ena mpaka kuchita khungu, chifukwa mankhwalawa anathiridwa m'maso molakwitsa. Mankhwala a pamchombo sayenera kuyandikira diso, ndipo ndi bwino kuwasunga paokha.

Chitsanzo cha mwana wodwala chinzonono cha m'maso

Mwachitsanzo, mwana wolemera makilogalamu atatu wabadwa Lolemba ndipo watuluka m'chipatala Lachiwiri ali bwinobwino. Lachinayi m'mawa amayi ake apeza zikope zonse ziwiri zatupa ndipo mafinya achikasu akuyenderera m'masaya. Apukuta, koma asanamalize kumuyamwitsa mafinya abwereranso. Ili ndi tsiku lachinayi, maso ndi onse awiri, zikope zatupa, mafinya ndi ambiri. Mwanayu ayenera kuonedwa ngati wa chinzonono kufikira zitatsimikizika kuti sichoncho, ndipo ayenera kufika kuchipatala m'mawa womwewo, osadikira tsiku la sikelo.

Kuchipatala dokotala amayamba waona ngati mwana akuyamwa bwino, ngati thupi latentha kapena lazizira, ndiponso ngati ali ndi chikasu. Kenako amatsegula zikope mosamala, osakanikiza diso, kuti aone kagalasi kaja. Ngati kali koyera mbee kapena kali ndi chilonda, mwana amagonekedwa ndi kutumizidwa kwa akatswiri a maso, monga omwe amapezeka ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu ku Lilongwe. Komwe kuli labotale amatengako mafinya pang'ono kuti akawaone pa makina okuza zinthu, koma mankhwala sadikira zotsatira.

Mankhwala a chinzonono ndi jekeseni imodzi ya sefitiriyakisoni, mamiligalamu 50 pa kilogalamu iliyonse ya mwana, osapitirira 150. Kwa mwana wa makilogalamu atatuyu ndiye kuti alandira 150. Ngati mwana ali ndi chikasu chachikulu kapena anabadwa masiku asanakwane, dokotala amasankha jekeseni ina, chifukwa iyi imatha kuwonjezera vuto la chikasu. Pa kilamidiya mwana amapatsidwa azitiromaisini wakumwa, mamiligalamu 20 pa kilogalamu kamodzi patsiku kwa masiku atatu, kutanthauza 60 patsiku kwa mwanayu. Komwe kulibe azitiromaisini amapereka eritiromaisini kanayi patsiku kwa masiku 14. Milingo imeneyi amawerengera ndi achipatala malinga ndi kulemera kwa mwana, ndipo si yoti kholo likagule lokha mankhwala pagolosale. Ngati mwana yemwe akumwa mankhwalawa wayamba kusanza mwamphamvu nthawi iliyonse akayamwa, abwerere naye kuchipatala.

Maso amatsukidwa pafupipafupi ndi madzi amchere a kuchipatala, kapena madzi owiritsa omwe azizira, mpaka mafinya atasiya. Jekeseni ikagwira, kutupa kumayamba kuchepa pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Ngati palibe kusintha, mwana ayenera kuonedwanso. Gawo lomaliza, lomwe mabanja ambiri amalithawa, ndi la makolo. Amayi ndi abambo onse ayenera kulandira mankhwala ngakhale asakumva kalikonse m'thupi. Akapanda kutero matendawa amakhalabe m'banjamo, akhoza kuononga njira zoberekera za mayi, ndipo mwana wotsatira adzakumana ndi ngozi yomweyo.

Kanjira ka misozi kotsekeka

Manthongo ambiri omwe amaoneka mwana atatha sabata ziwiri sachokera ku matenda opatsirana konse. Kumapeto kwa kanjira ka misozi, mkati mwa mphuno, kumakhala kachikopa kopyapyala komwe kamayenera kung'ambika kokha nthawi yobadwa ikamayandikira. Mwa ana ena kamachedwa. Kafukufuku wina yemwe anachitika ku Scotland ndipo anasindikizidwa mu 1991 anapeza kuti mwana mmodzi mwa asanu alionse anali ndi zizindikiro za vutoli, ndipo mwa anawo 96 pa 100 alionse anachira okha asanakwanitse chaka.

Vutoli limayamba kuoneka pa sabata yachiwiri mpaka yachinayi, nthawi yomwe mwana wayamba kupanga misozi yambiri. Diso, kawirikawiri limodzi, limakhala lodzaza misozi ngakhale mwana asakulira. Nsidze zimamatana, makamaka akadzuka kutulo, ndipo pangodya ya diso pamasonkhana manthongo oyera kapena achikasu pang'ono. Zimawonjezeka mwana akadwala chimfine kapena akakhala pamphepo ndi pafumbi. Chizindikiro chachikulu chosiyanitsa ndi ichi: mbali yoyera ya diso imakhalabe yoyera, zikope sizitupa, mwana amatsegula maso bwinobwino, saopa kuwala ndipo amayamwa monga mwa masiku onse.

Chisamaliro chake ndi chapakhomo, koma ndi bwino kuti achipatala ayambe atsimikiza kuti vuto ndi limeneli. Wosamalira mwana amasamba m'manja ndi sopo, n'kunyowetsa thonje kapena kansalu koyera m'madzi owiritsa omwe azizira, n'kupukuta kamodzi kuchokera kumphuno kupita kukhutu. Thonje lililonse limagwira ntchito kamodzi, ndipo lomwe lapukuta diso lina silipita ku linzake. Anamwino amaphunzitsanso kasisitidwe kothandiza kanjirako kutseguka. Nsonga ya chala, chikhadabo chitawengedwa, imaikidwa pambali pa mphuno pomwe pali ngodya ya diso, n'kukanikiza molimba pang'ono pafupa, kenako kutsetsereka chotsika m'mbali mwa mphuno. Izi zimabwerezedwa kasanu mpaka ka 10, kawiri kapena katatu patsiku. Cholinga chake ndi kukankhira madzi a m'kathumba kaja pansi kuti akang'ambe kachikopa kotseka. Kusisita chikope kapena diso lenilenilo sikuthandiza.

Mankhwala opha tizilombo satsegula kanjirako. Amaperekedwa kwa masiku ochepa pokhapokha ngati diso lafiira kapena manthongo asanduka mafinya enieni. Mwana akakwanitsa chaka vutoli lisanathe, dokotala wa maso amalowetsa kawaya kosalala, kopyapyala, m'kabowo ka pachikope mpaka kukaboola kachikopako. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa, mwana atagonetsedwa, ndipo ana ambiri amachira ulendo woyamba.

Zomwe zimafanana ndi kanjira kotsekeka koma n'zoopsa

Nthawi zina kathumba ka misozi kamagwidwa ndi tizilombo. Pambali pa mphuno, pansi pang'ono pa ngodya ya diso, pamatuluka chotupa chofiira, chotentha ndi chopweteka. Mwa khanda matendawa amafalikira msanga kuzungulira diso ndi m'magazi, choncho mwana amafunika kugonekedwa. Chotupa chobiriwirako pamalo omwewo, chomwe mwana wabadwa nacho, nachonso chionetsedwe kuchipatala msanga chisanafiire, ndipo chisafinyidwe.

Vuto lina ndi la kuchuluka kwa madzi a mkati mwa diso, lomwe ana ochepa amabadwa nalo. Mwana amatuluka misozi yambiri koma yopanda manthongo, amatsinzina akaona kuwala, ndipo mbali yakuda ya diso imaoneka yaikulu kuposa ya ana ena kapena yachifunga. Anthu ena amayamikira kuti mwanayo ali ndi maso aakulu okongola, chonsecho mtsempha wa diso ukuonongeka. Vutoli limafuna opaleshoni. Matuza ang'onoang'ono pazikope kapena pankhope m'sabata ziwiri zoyamba nawonso ndi chizindikiro choopsa, chifukwa kachilombo komwe kamawayambitsa kangathe kufika ku ubongo.

Zothira m'maso zapakhomo

M'madera ambiri mwana akachita manthongo, akuluakulu amalangiza mayi kuti amkamire mkaka wa m'mawere m'maso. Kwa mwana wa kanjira kotsekeka manthongo amadzatha okha, ndipo mkakawo umatamandidwa pa ntchito yomwe sunagwire. Kwa mwana wa chinzonono mkakawo suchiza, ndipo masiku awiri omwe banja likudikira kuti liwone ngati ugwire ntchito ndi okwanira kuti diso liboole. Madzi a masamba kapena a mizu, mkodzo, shuga ndi mwaye zimapsereza kagalasi ka diso ndi kulowetsamo tizilombo tatsopano. Mankhwala a m'maso otsala kwa munthu wamkulu nawonso ndi osayenera, popeza ena mwa iwo ali ndi mphamvu yomwe imakulitsa chilonda cha padiso.

Mwambo wosunga mwana m'nyumba mpaka mchombo utagwa usalepheretse ulendo wa kuchipatala, chifukwa masiku a chikuta ndi omwewonso omwe chinzonono cha m'maso chimayamba. M'masiku 28 oyamba, mwana yemwe zikope zake zatupa, diso lafiira, mafinya akubwerera akangopukutidwa, kapena mbali yakuda ya diso yachita chifunga, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana. Chimodzimodzinso ngati manthongo abwera pamodzi ndi kukana kuyamwa, kutentha kapena kuzizira kwa thupi, kufooka, kapena kupuma movutika. Mwana yemwe diso lake ndi loyera, zikope zosatupa, ndipo akuyamwa bwino angathe kupukutidwa pakhomo, n'kukaonetsedwa kwa anamwino pa tsiku lake la sikelo.